Paketi ya Lebulo Yong'ambika: Muli Mkaka Weniweni Kapena Choyeretsa Tiyi?

Katundu wa m'magolosale a ku Mulanje amafika kudzera njira ziwiri. Wina amachokera kwa opikulitsa a ku Limbe, kudutsa msewu wa Midima kapena wa ku Thyolo. Wina amawoloka kuchokera ku Milange, m'dziko la Mozambique, kudzera pa chipata cha Muloza, ngakhale wina amachilambalala chipatacho. Kaya wadzera kuti, ulendo wake womaliza umakhala wa pa njinga kapena pa kabaza, katoni atamangidwa ndi mphira, m'dera lomwe mvula siichita kupempha. Pofika pa shelefu ku Limbuli, ku Chitakale kapena ku Nkando, mapaketi ena amakhala atakhuzuka, ena pepala litanyowa n'kumatuka, ena khoswe atalawako pakona. Wogulitsa sataya. Amatsitsa mtengo, ndipo m'masiku ano a ndalama yosakhalitsa m'thumba, wogula amakopeka.

Apa pali mafunso awiri. Loyamba ndi la nzeru za wogula: kodi chidutswa cha lebulo chomwe chatsalacho chingakuuzeni kuti m'paketimo muli chiyani, komanso kuti ndi katundu uti wa kampani ina amene angafanane nacho? Lachiwiri ndi la malamulo: ngati lebulo yang'ambika, udindo uli pa ndani? Tiona zonsezi pa katundu mmodzi, ufa woyera wothira m'tiyi umene anthu timangoutcha mkaka. Ndasankha umenewu chifukwa ndi pomwe kulakwitsa kumapweteka mwana.

Kutsogolo kwa paketi n'kwa otsatsa malonda, kumbuyo n'kwa lamulo

Anthu ambiri akaona kuti dzina la kampani lang'ambika amaganiza kuti basi, palibenso chomwe angadziwe. Zoona zake n'zakuti dzina lija ndilo chinthu chosafunika kwenikweni pa lebulo yonse. Chithunzi cha kapu ya tiyi wa nthunzi, mtundu wachikasu kapena wabuluu, zilembo zikuluzikulu, zonsezo anaziikapo kuti mutenge paketiyo. Zomwe anaziika chifukwa lamulo likuwakakamiza zili m'tizilembo ting'onoting'ono ta kumbuyo ndi m'mbali, ndipo kawirikawiri n'zomwe zimapulumuka paketi ikakhuzuka.

Bungwe loona za miyezo ndi ubwino wa katundu la Malawi Bureau of Standards, lomwe tonse timalitchula kuti MBS, linakhazikitsidwa m'chaka cha 1972, ndipo pano likugwira ntchito pansi pa lamulo la 2012. Muyezo wake wokhudza malebulo a zakudya zopakira umatchedwa MS 19. Muyezowu unatengera muyezo wa dziko lonse wa Codex wa 1985, n'chifukwa chake paketi ya ku South Africa, ya ku Mozambique ndi ya ku Blantyre zimakhala ndi zinthu zofanana ngakhale ziyankhulo zisiyane. Paketi iyenera kunena dzina lenileni la chakudyacho, osati dzina la malonda lokha. Iyenera kutchula zonse zomwe anasakaniza, kulemera kwa zam'katimo, dzina ndi keyala ya wopanga kapena woitanitsa, dziko lomwe chapangidwa, nambala ya gulu lomwe chinapangidwira limodzi, tsiku lothera mphamvu, ndi kasungidwe kake. Zonsezi zilembedwe m'chiyankhulo chomwe ogula akumva, ndipo kwathu kuno ndi Chingerezi kapena Chichewa.

Mwa zonsezi pali lamulo limodzi lomwe wogula aliyense ayenera kulisunga pamtima. Zosakaniza zimalembedwa motsatira kulemera, kuyambira chochuluka kwambiri kutsikira ku chochepetsetsa. Choncho mawu oyamba pa mndandandawo ndiwo chakudya chenichenicho. Ngati pa chidutswa chanu patsala mzere woyamba wokha wa zosakaniza, mwadziwa kale zambiri kuposa munthu amene wangoona dzina la kampani.

Paketi imodzi, tiiwerenge

Tiyerekeze kuti mwapeza paketi ya ufa woyera pa okala ina ku Limbuli. Mbali ya kumtunda, pomwe panali dzina, yachoka. Mnyamata wa pa okalayo akuti, "Mayi, tengani, ndi mkaka womwewu, chavuta ndi pepala lokha." Mukatembenuza, mukupeza kuti kwatsala zinthu zinayi. Pali mzere woduka woyamba ndi "...cose syrup solids, vegetable fat (palm...". Pali kabokosi ka manambala momwe mukuwerengeka "Protein 2 g" pansi pa "per 100 g". Pakona palembedwa "750 g". Ndipo pali mizere yakuda ija ya bakhodi, manambala ake oyamba ndi 600.

Yambani ndi mzere wa zosakaniza. Mawu odukawo ndi "glucose syrup solids", womwe ndi shuga wouma wopangidwa kuchokera ku chimanga kapena mbewu zina za sitachi. Chachiwiri ndi mafuta a zomera, makamaka a kanjedza. Mkaka sunatchulidwe pa malo oyamba kapena achiwiri. Uwu si mkaka. Ndi ufa woyeretsa tiyi ndi khofi, wa gulu la Cremora ndi Ellis Brown. Mukapitiriza kuwerenga mwina mupeza mawu akuti "sodium caseinate", chomwe ndi chinthu chochokera ku mkaka koma amangothira pang'ono kuti mafuta asayandame pamwamba pa tiyi. Kupezeka kwake sikusandutsa ufawo kukhala mkaka.

Kabokosi ka manambala kakutsimikizira zomwezo. Mkaka wa ufa weniweni, wosachotsa mafuta, umakhala ndi zomanga thupi pafupifupi magalamu 24 mpaka 26 pa magalamu 100 alionse, ndipo mafuta ake, omwe ndi a mkaka womwewo, sachepera magalamu 26. Ufa woyeretsa tiyi umakhala ndi zomanga thupi za magalamu awiri kapena kucheperapo. Kusiyana kumeneku n'kwakukulu moti ngakhale nambala itafufutika pang'ono mutha kuonabe ngati inali ya manambala awiri kapena imodzi. Chenjerani ndi chinthu chimodzi chokha: mapaketi ambiri amakhala ndi mizati iwiri, wina wa magalamu 100, wina wa mlingo wothira kamodzi. Ngati mutu wa mzatiwo wang'ambika, nambala yaing'ono ikhoza kukhala ya masupuni ochepa a mkaka weniweni. Zikatero bwererani ku zosakaniza.

Pakati pa mitundu iwiriyi pali wachitatu umene umasokoneza anthu ambiri. Amatenga mkaka, n'kuchotsamo mafuta ake kuti akapangire batala, n'kubwezeramo mafuta a zomera omwe ndi otsika mtengo. Pa paketi amalemba "filled milk" kapena "fat filled", kapena mawu onena kuti ndi mkaka wochotsa mafuta wosakaniza ndi mafuta a zomera. Cowbell, wodziwika m'maiko ambiri a mu Africa muno, ndi wa gulu limeneli. Zosakaniza zake zimayamba ndi "skimmed milk", kenako "vegetable fat". Uwu uli ndi mkaka ndithu, ndipo zomanga thupi zake zimaposa kutali za choyeretsa tiyi, koma zimasiyana kwambiri kuchoka pa kampani ina kupita pa ina. Pa mtundu umenewu nambala ya pa kabokosi ndiyo muyenera kuidalira.

Paketi ikakhala ya ku Mozambique, mawu ake ndi a Chipwitikizi, ndipo anthu a ku Muloza ambiri amachimva kuposa ife ena. Mawu ofunika ndi ochepa. "Leite em pó" ndi mkaka wa ufa, ndipo akawonjezera "gordo" kapena "integral" ndiye kuti sanachotse mafuta. "Magro" kapena "desnatado" ndi wochotsa mafuta. "Gordura vegetal" ndi mafuta a zomera, "xarope de glucose" ndi shuga wouma uja, "peso líquido" ndi kulemera kwa zam'kati. Dongosolo la chochuluka kuyamba ndi lomwelo.

Musayese kuzindikira ndi lilime. Choyeretsa tiyi chimakoma, chimayeretsa tiyi bwino kuposa mkaka weniweni, ndipo ana amachikonda. Ndi pomwe pagona ngozi yake. M'chaka cha 2008 magazini ya zachipatala ya BMJ inasindikiza kafukufuku wa ku Laos wosonyeza kuti makolo ena ankamwetsa makanda choyeretsa khofi cha Bear Brand poganiza kuti ndi mkaka wa ana, chifukwa pa chitini panali chithunzi cha chimbalangondo chitafungatira mwana wake. Madokotala kumeneko anali atayamba kulandira ana otupikana chifukwa chosowa zomanga thupi. Kumeneko lebulo inali yathunthu, chomwe chinawasokeretsa ndi chithunzi. Nanga kuli bwanji pomwe chenjezo lenilenilo lang'ambika? Kwa khanda losakwana miyezi isanu ndi umodzi, mitundu itatu yonseyi si yoyenera. Khanda liyamwe, ndipo ngati pali vuto loletsa kuyamwitsa, a chipatala ndiwo anene mkaka woyenera. Mkaka wa makanda wa lebulo yong'ambika usagulidwe ngakhale mtengo utsike bwanji, popeza msinkhu wa mwana ndi kasungunulidwe kake zimalembedwa pa pepala lomwelo.

Bakhodi imanena zochepa kuposa momwe anthu amaganizira

Mphekesera yomwe imayenda kwambiri ndi yoti manambala atatu oyamba a bakhodi amasonyeza dziko lomwe katundu wapangidwa. Si choncho kwenikweni. Amasonyeza dziko lomwe kampaniyo inalembetsa nambala yake ku bungwe la GS1. Manambala 600 ndi 601 ndi a South Africa, 616 ndi a Kenya, 620 ndi a Tanzania, 560 ndi a Portugal, 890 ndi a India, ndipo kuyambira 690 mpaka 699 ndi a China. Koma kampani yolembetsa ku South Africa ikhoza kupangira katundu wake ku Blantyre kapena kwina kulikonse. Choncho 600 wa pa paketi yathu ija akungotilozera komwe tingayambire kufufuza. Dziko lenileni limalembedwa m'mawu, pomwe pali "Product of" kapena "Fabricado em".

Ntchito yeniyeni ya bakhodi ndi ina. Manambala onse 13 pamodzi ndi a katundu mmodzi, wa kampani imodzi, wa kulemera kumodzi. Mukawalemba pa pepala n'kupita nawo m'sitolo ina pa boma, paketi yathunthu yomwe ili ndi manambala omwewo ndiyo mnzake weniweni wa paketi yanu. Apo mwapeza dzina popanda kulota. M'sitolo zomwe zili ndi makina owerenga bakhodi pa kauntala, dzina limatuluka pa makinawo ngati nawonso amagulitsa katunduyo.

Nambala imodzi ikafufutika ikhoza kupezeka, chifukwa manambalawa anawakonza kuti azidzitsimikizira okha. Nachi chitsanzo cha nambala yongopeka: `6001?34567899`. Phatikizani manambala a pa malo oyamba, achitatu, achisanu, mpaka a 13, kusiya wosowayo: 6, 0, 4, 6, 8 ndi 9 akupanga 33. Phatikizaninso a pa malo achiwiri, achinayi, mpaka a 12: 0, 1, 3, 5, 7 ndi 9 akupanga 25, ndipo awa muwachulukitse katatu, akhala 75. Zonse pamodzi ndi 108. Yankho lathunthu liyenera kuthera ndi ziro, ndiye kuti 110, kotero wosowayo ndi 2. Wosowayo akakhala pa malo achiwiri, achinayi ndi ena otero, kumbukirani kuti nayenso amachulukitsidwa katatu. Akasowa awiri njirayi siithandiza. Ndipo dziwani kuti bakhodi yolondola siitsimikiza kuti katundu ndi weniweni, popeza wopanga zachinyengo amangokopera ya eni ake.

Tsiku

Pa zonse zomwe zingang'ambike, tsiku ndilo lilibe chobwezera. Dzina mutha kulipeza, zosakaniza mutha kuziwerenga pa paketi ina yofanana nayo, koma tsiku ndi la paketi yanu yokhayo. Lifunefuneni kaye musanataye mtima, chifukwa nthawi zambiri silikhala pa lebulo. Makina amalidinda ndi timadontho ta inki pa msoko wa kumtunda kapena wa kumunsi kwa paketi, ndipo pa chitini limakhala pansi.

Vuto limabwera pomwe patsala tsiku limodzi, zilembo za patsogolo pake zitachoka. Makampani ambiri amadinda masiku awiri. Lomwe lili ndi "P", "PROD" kapena "MFG" ndi lopangira, lomwe lili ndi "BB" kapena "EXP" ndi lothera. M'Chipwitikizi lopangira ndi "Data de fabrico", lothera ndi "Validade" kapena "Consumir de preferência antes de". Ngati tsiku lotsalalo lili m'tsogolo, ndi lothera ndithu, palibe chodandaulitsa. Ngati lili m'mbuyo, simungadziwe ngati paketiyo inapangidwa tsiku limenelo kapena inatha mphamvu tsiku limenelo, ndipo wogulitsa adzakuuzani kuti ndi lopangira. Mufunseni akuonetseni paketi ina ya m'katoni yomweyo, kapena katoniyo, popeza masiku amadindidwanso pa katoni. Akakanika, isiyeni.

Pafupi ndi tsiku pamakhala nambala ya gulu, yoyamba ndi "L", "LOT", "Batch" kapena "Lote". Imaoneka yopanda ntchito mpaka tsiku lomwe kampani yaitanitsa katundu wake kuti abwezedwe. M'chaka cha 2021 bungwe loona za mpikisano pa malonda la COMESA, lomwe likulu lake lili ku Lilongwe, linachenjeza ogula za majuwisi ena a maapozi a Ceres omwe anapezeka ndi poizoni wa nkhungu wotchedwa patulini wopyola muyezo. Sanali majuwisi onse a kampaniyo. Ankadziwika ndi bakhodi ndi masiku opangira. Munthu wa paketi yofufutika malo amenewo sakanadziwa ngati yake inali m'gulumo.

Kung'ambika kwangozi ndi kwadala zimasiyana, ndipo maso amaona. Mphira wa pa njinga umakhuzula mosasankha, paketi iyi pakati, inayo pakona. Koma mukapeza mapaketi asanu onse ataduka malo amodzi, pomwe pamakhala tsiku, ndiye kuti panadutsa lumo. Malo a tsiku akakhala osalala ndi owala kuposa kwina, inki itasungunukira m'mbali, wina anapukutapo ndi mankhwala. Kapepala ka mtengo komatidwa ndendende pa tsiku nakonso kakhale kokukayikitsani. Yang'ananinso thumba lenilenilo. Lifinyeni pang'ono pafupi ndi khutu: likamatulutsa mpweya ndiye kuti labooka, ndipo ufa umene walowa chinyezi cha ku Mulanje umaundana mibulu yolimba. Pamenepo nkhani sikhalanso ya lebulo.

Kupeza wofanana naye

Mukadziwa kuti paketi yanu ndi ya gulu liti, kufanizira kumaphweka. Katundu wofanana ndi amene dzina lake lenileni ndi lomwelo, zosakaniza zitatu zoyamba zili m'dongosolo lomwelo, ndipo nambala ya zomanga thupi ili pafupi. Mtundu wa paketi, chithunzi, ngakhale dzina la kampani sizilowapo. Ndipotu kampani imodzi imatha kupanga mkaka weniweni ndi mkaka wa mafuta a zomera, maina ake n'kukhala ofanana. Wofuna mkaka wosachotsa mafuta akhoza kuyamba kuyang'ana maina ngati Kerrygold, Anchor ndi Nido, koma atembenuzebe paketi iliyonse aone ngati palembedwa "full cream milk powder" komanso ngati mkaka ndiwo woyamba pa zosakaniza.

Kenako mtengo. Mapaketi amasiyana kulemera, ena 400, ena 500, ena 750, ndipo diso limanamizika. Gawani mtengo kuti mupeze wa magalamu 100. Mitengo ikusintha mwezi ndi mwezi, choncho iyi ndi yongoyerekezera. Tinene kuti paketi yathu ya magalamu 750 akugulitsa K12,000, ndipo mkaka weniweni wa magalamu 400 ukugulitsidwa K16,000. Pa magalamu 100, choyeretsa tiyi ndi K1,600, mkaka ndi K4,000. Ngati cholinga ndi kuyeretsa tiyi wa alendo pa maliro kapena pa chinkhoswe, choyeretsa tiyi chapambana, ndipo palibe cholakwika kuchigula mukuchidziwa. Koma ngati mukugulira phala la mwana wa zaka zitatu kapena agogo odwala, werengani zomwe mukufunazo. M'paketi ya 750 muli zomanga thupi magalamu 15 okha. M'paketi ya 400 muli pafupifupi magalamu 100. Galamu imodzi ya zomanga thupi yakudyerani K800 m'choyeretsa tiyi, pomwe mu mkaka ndi K160. Chotsika mtengo chija chakwera kasanu. Ine ndinganene kuti banja lomwe silingakwanitse mkaka weniweni lichite bwino kugula nsinjiro, soya kapena usipa wothira m'phala kusiyana ndi kugula ufa woyera kuti lidzitonthoze kuti mwana akumwa mkaka.

Njira yomweyi imagwira pa katundu wina. Pa shuga ndi mafuta ophikira onjezani kuyang'ana mawu onena kuti anathiramo vitamini A, ndipo pa mchere mawu onena za ayodini, popeza malamulo a dziko lino amafuna zimenezi. Shuga wopanda vitamini A sangakhale wofanana ndi wa Illovo ngakhale atsekemere chimodzimodzi. Pa katundu wopangidwa m'dziko muno yang'ananinso chizindikiro cha MBS.

Udindo uli pa wogulitsa

Lamulo loteteza ogula la 2003 limapatsa wogula ufulu wolandira uthenga woona, wokwanira ndiponso wa pa nthawi yake wokhudza katundu amene akugula. Limamupatsanso ufulu wotetezedwa pa thanzi lake ndi wolipidwa akapwetekeka kapena kuluza chifukwa cha katundu kapena wogulitsa. Lebulo ndiyo njira yaikulu yomwe uthenga umenewu umafikira kwa inu. Choncho paketi yomwe yataya dzina lenileni, zosakaniza kapena tsiku siikukwaniritsanso muyezo, ndipo woyenera kuibweza kwa opikulitsa ndi wogulitsa. Kutsitsa mtengo sikukonza zimenezi. Ntchito yonse yofufuza yomwe tafotokozayi ndi yodziteteza chabe, si kuti lamulo linasamutsira udindo kwa inu.

Palinso lamulo lakale la kugulitsa katundu lomwe limati katundu wogulitsidwa pofotokozedwa ayenera kugwirizana ndi momwe anamufotokozera. Mnyamata wa pa okala uja atanena kuti "ndi mkaka womwewu", anafotokoza katundu. Mukakapeza kuti ndi choyeretsa tiyi, muli ndi chifukwa chomveka chobwezera. Koma lamulo lomwelo lili ndi malire omwe ndi bwino kuwadziwa. Ngati munayang'ana katunduyo musanagule, simungabwerere kukadandaula za chilema chomwe chinali poyera. Munaona kuti pepala lang'ambika, munavomera mtengo wotsika, kung'ambikako pakokha sikungakhale mlandu wanu wa mawa. Chomwe mungadandaule ndi bodza lomwe munauzidwa, kapena kuwonongeka komwe kunabisika m'kati. N'chifukwa chake ndi nzeru kufunsa momveka, pali anthu: "Achimwene, mukunena kuti uwu ndi mkaka weniweni ndipo sunathe mphamvu?" Yankho lakelo ndilo mudzaligwiritse ntchito.

Zikwangwani zoti katundu akagulidwa sabwezedwa, zomwe zadzadza m'masitolo, sizichotsa ufulu umenewu pa katundu wowonongeka kapena wonamizira. Bungwe loona za mpikisano ndi chilungamo pa malonda la CFTC lakhala likunena zimenezi mobwerezabwereza. Bungweli linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1998, ndipo m'chaka cha 2023 khoti lalikulu linagamula kuti lamulo limenelo silinalipatse mphamvu yolipitsa chindapusa palokha. Lamulo latsopano la 2024 linatseka mpata umenewo: tsopano bungweli likhoza kulipitsa chindapusa komanso kulamula kuti wogula abwezeredwe ndalama zake.

Pochita dandaulo, yambani kwa wogulitsa yemweyo, tsiku lomwelo ngati n'kotheka, paketi ili m'manja. Musaitaye, musathire ufawo m'chigubu china, ndipo musamalize kung'amba chidutswa chotsalacho. Jambulani ndi foni mbali zonse, makamaka bakhodi, nambala ya gulu ndi malo a tsiku. Risiti ithandiza ngati ilipo. Pa okala sapereka risiti, koma uthenga wa Airtel Money kapena Mpamba umasonyeza tsiku, ndalama ndi wolandira, ndipo munthu amene munali naye ndi mboni. Ogulitsa ambiri a m'mudzi amabweza, chifukwa mawa mudzakumananso pa chitsime. Akakana, pa msika pali tcheyamani wa msika ndi wogwira ntchito wa khonsolo. Pamwamba pawo pali a zaumoyo a khonsolo ya Mulanje, omwe lamulo la zaumoyo limawapatsa mphamvu yolanda chakudya chosayenera kudyedwa, ndipo mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu akhoza kukufikitsani kwa iwo. Nkhani ya masiku ofufutidwa dala, kapena katoni yonse ya katundu wokayikitsa, ikanenedwe ku MBS ku Blantyre ndi ku CFTC, ndipo bungwe loimira ogula la CAMA limalandiranso madandaulo. Ngati munthu wadwala atadya, pitani kuchipatala kaye, mutenge paketiyo, ndipo onetsetsani kuti zalembedwa m'buku lake la kuchipatala, popeza popanda zimenezo n'kovuta kutsimikiza kuti chakudyacho ndicho chinamudwalitsa.

Katundu wolowa mozemba ali ndi vuto lake lapadera. Wolowa bwinobwino pa Muloza amayenera kuyenderedwa ndi a MBS, ndipo pamakhala woitanitsa wodziwika amene angafunsidwe. Wodzera njira zachidule alibe woitanitsa, kotero unyolo wa udindo umathera pa munthu amene wakugulitsaniyo. Ngati ndi wa pa tsiku la msika chabe, sabata yamawa mwina sadzakhalapo.

Chimodzimodzi ndi timapaketi toyeza, tomwe eni okala amamanga okha m'mapepala apulasitiki kuchokera m'thumba lalikulu. Anthu amatigula chifukwa ndi tomwe ndalama ya lero ingakwanitse, ndipo sindingawadzudzule. Koma kumeneko lebulo siinang'ambike, kunalibiretu. Muli ndi ufulu wopempha kuona thumba lomwe akutapamo, ndipo pa thumbalo muwerenge mzere woyamba wa zosakaniza, nambala ya zomanga thupi ndi tsiku. Mwini okala amene akupima ufa wotere nayenso asunge thumbalo mpaka ufa wonse utatha, chifukwa a zaumoyo akabwera adzayamba kufunsa lomwelo.